Mapointi akafanana, ndani amakhala pamwamba? Kawerengedwe ka tebulo la mpira

Mu Januwale 2010, pa mpikisano wa AFCON ku Angola, Mali inagonjetsa Flames 3-1 m'masewero omaliza a Gulu A. Mali inamaliza ndi mapointi 4, itachinya zigoli 7 n'kuchinyitsa 6. Algeria nayo inali ndi mapointi 4, koma m'masewero atatu onse inachinya chigoli chimodzi chokha, ndipo inamwa zitatu, zija Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda anaimwetsa pamasewero ake oyamba. Aliyense amene anakula akuonera mpira wa ku England akanati Mali yadutsa. Koma amene anapitirira anali Algeria, Mali n'kulongedza katundu. Chigoli chimodzi chija Algeria inachinya Mali yomweyo, ndipo malamulo a CAF amayamba ndi kufunsa kuti matimu ofanana mapointiwo atakumana okhaokha zinatha bwanji.

Palibe amene anabera pamenepo. Kungoti njira zolekanitsira matimu zilipo ziwiri zazikulu, ndipo mpikisano uliwonse umasankha yoyamba kugwiritsa ntchito. Zotsatira zomwezo, pa malamulo ena, zimatulutsa katswiri wina. Ndiye musanatenge cholembera n'kuyamba kuwonkhetsa, pali choyamba kuchita.

Choyamba: dziwani kuti mpikisanowo uli m'banja liti

Banja loyamba limayamba ndi kusiyana kwa zigoli za nyengo yonse. Umu muli Premier League ya ku England ndi Bundesliga ya ku Germany, ndipo magulu a World Cup mpaka ya 2022 ankayenda motero. Banja lachiwiri limayamba ndi zotsatira za pamene matimuwo anakumana okhaokha. Umu muli La Liga ya ku Spain, magulu a AFCON, ndi magulu a mpikisano wa Euro. Mabanja onsewa amagwiritsa ntchito njira ziwiri zonse. Chosiyana ndi chakuti iti ili kutsogolo, iti ili pambuyo.

Mndandanda umenewu umalembedwa m'malamulo a mpikisano nyengo isanayambe, ndipo umasinthidwa nthawi zina. Premier League inawonjezera zotsatira za kukumana okhaokha mu 2019/20, koma inaziika pambuyo pa kusiyana kwa zigoli ndi kuchuluka kwa zigoli zochinya. Serie A ya ku Italy kuyambira 2022/23 inati matimu akafanana mapointi pa nkhani ya ukatswiri kapena yotuluka mu ligi, azisewera masewero apadera. N'chifukwa chake mu 2023 Verona ndi Spezia, onse a mapointi 31, anakumananso, Verona n'kupambana 3-1 n'kutsala mu ligi. Choncho lamulo limene munalimva zaka zisanu zapitazo musalidalire. Funsani la nyengo ino.

Chachiwiri: werengani kusiyana kwa zigoli

Apa masamu ndi a ku pulaimale. Tengani zigoli zonse zimene timu yachinya, chotsanipo zonse zimene yachinyitsa. Pa tebulo la pa foni kapena pa kanema, zochinya zimakhala pansi pa GF, zochinyitsa pansi pa GA, ndipo yankho lake pansi pa GD. Mali ija: 7 kuchotsapo 6, yatsala ndi +1. Algeria: 1 kuchotsapo 3, ndiye -2. Pa nambala zokhala ndi kachizindikiro kochotsera, yaing'ono ndiyo yabwino: timu ya -2 ili pamwamba pa ya -7. Zikumveka zachibwana, koma kumunsi kwa tebulo, kumene matimu onse ali ndi ngongole ya zigoli, ndaonapo akuluakulu akusokoneza zimenezi mkangano uli mkati.

Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti chigoli chochinya mdani amene mukulimbirana naye malo chimawerengedwa kawiri. Chimakweza inu ndi 1, chimatsitsa iye ndi 1. Nyengo ya 2011/12 ku England ikuonetsa bwino. Manchester City ndi Manchester United onse anamaliza ndi mapointi 89, onse atapambana masewero 28, kulepherana 5 ndi kugonja 5. City inachinya 93 n'kuchinyitsa 29, ndiye +64. United inachinya 89 n'kuchinyitsa 33, ndiye +56. City inatenga chikho ndi mpata wa zigoli 8. Anthu amakumbukira chigoli cha Sergio Aguero pa QPR tsiku lomaliza, ndipo n'zoona kuti popanda chimenecho mapointi sakanafanana. Koma mpata wa 8 uja unakumbidwa mu Okutobala 2011, pamene City inakaswa United 6-1 pa Old Trafford, zigoli zitatu mwa izo zikulowa kumapeto kwenikweni kwa masewero.

Tayesani kusintha masewero amodzi amenewo kuti akhale 2-1. Mapointi sasintha, popeza City yapambanabe. Koma City yachepetsedwa zigoli 4 zochinya, zatsala 89, ndipo United yachepetsedwa 4 zochinyitsa, zatsala 29. Onse akanakhala ndi mapointi 89, zigoli zochinya 89, zochinyitsa 29. Malamulo a nthawi imeneyo akanawatumiza pa bwalo losakhala la aliyense kukasewera masewero amodzi olimbirana chikho. Ndiye mukaona timu yagonja kale 3-1 koma mphunzitsi akukalipira otchinga kumbuyo kuti asathamangire kutsogolo, si mantha ayi, akuwerengera za kumapeto kwa nyengo mu Meyi.

Kusiyana kwa zigoli kukafanananso, banja limeneli limayang'ana amene wachinya zambiri. Mu 1989 Arsenal inapita ku Anfield pamasewero otsiriza ili kumbuyo ndi mapointi 3, ili ndi +35 pamene Liverpool inali ndi +39. Kupambana 1-0 kukanafananitsa mapointi, koma zigoli zikanakhala +36 ndi +38, chikho n'kutsala ku Liverpool. Panafunika 2-0, ndipo Michael Thomas anachinya chachiwiricho nthawi itatsala pang'ono kutha. Onse anakhala pa mapointi 76 ndi +37, Arsenal n'kutenga ligi chifukwa inachinya 73 pamene Liverpool inachinya 65.

Kale ku England sankachotsera, ankagawa: zochinya kugawa ndi zochinyitsa. Njira imeneyo inkakomera timu yotseka pakhomo. Mu 1924 Huddersfield inachinya 60 n'kumwa 33, Cardiff inachinya 61 n'kumwa 34, mapointi ali chimodzimodzi. Pogawa, Huddersfield inaposa ndi kadontho n'kukhala akatswiri. Pa malamulo a lero onse akanakhala pa +27 ndipo Cardiff ikanatenga chikho chifukwa cha chigoli chimodzi chowonjezeracho. Kugawaku anakusiya mu 1976.

Chachitatu: matimu awiri pa lamulo la kukumana okhaokha

Phimbani tebulo lonse ndi dzanja. Masewero onse amene matimu awiriwo anasewera ndi ena iwalani kaye. Lembani okhawo amene anakumana, perekani mapointi monga mwa nthawi zonse, 3 kwa wopambana ndi 1 akalepherana. Mapointi amenewo akasiyana, nkhani yatha. Akafanana, monga pamene aliyense wapambana pakwawo, yang'anani kusiyana kwa zigoli m'masewero omwewo basi. Zikakanikanso m'pamene mumachotsa dzanja lija n'kubwerera ku zigoli za nyengo yonse.

Ku Spain mu 2006/07 Real Madrid ndi Barcelona onse anamaliza ndi mapointi 76. Barcelona inachinya 78 n'kuchinyitsa 33, ndiye +45. Real inachinya 66 n'kuchinyitsa 40, ndiye +26. Kukanakhala ku England, Barcelona ikananyamula chikho mosavuta. Koma Real inapambana 2-0 pakwawo, ndipo ku Camp Nou analepherana 3-3, tsiku limene Lionel Messi anachinya zitatu zonse za Barcelona. Pa masewero awiriwo Real inatola mapointi 4, Barcelona 1. Chikho chinapita ku Madrid, mpata wa zigoli 19 uja osaunena n'komwe.

Ochirikiza njirayi amati imaletsa timu kutenga chikho chifukwa chongothira zigoli zambirimbiri timu yofooka imene yataya kale mtima. Otsutsa amati ligi ndi ulendo wa masewero 38, si bwino kuti masewero awiri okha aweruze. Ine pa ligi yaitali ndimakonda kusiyana kwa zigoli, chifukwa munthu ali pa wailesi tsiku lomaliza amatha kuwerengera yekha, ndipo chigoli chilichonse mpaka mphindi yotsiriza chimakhala ndi ntchito. Lamulo la kukumana okhaokha limatseka nkhani msanga. Pa AFCON ija ya 2010, Algeria itangopambana Mali, inadziwa kuti Mali singaidumphe pa mapointi ofanana ngakhale itachinya khumi. Masewero ake omaliza ndi Angola anatha 0-0, zotsatira zimene zinadutsitsa onse awiri, ndipo a Mali anadandaula kwambiri. Ife a Flames tinangofunika kulepherana ndi Mali tsiku limenelo: tikanakhala ndi mapointi 4 ngati Algeria, 3-0 ija n'kutidutsitsa. Tinamwa ziwiri mphindi zisanu zisanakwane.

Chachinayi: matimu atatu kapena kuposa

Apa ndi pamene mikangano ya m'mashopu oonetsera mpira imafika poipa, chifukwa aliyense amagwira masewero amene akumukomera. Wina akuti ife tinawapambana awa, mnzake akuti koma inu munagonja kwa aja amene ife tinawapambana. Kuyerekeza awiriawiri sikuthandiza. Chofunika ndi kupanga katebulo kakang'ono ka matimu ofanana mapointi okhawo, onse pamodzi.

Gulu D la AFCON yomweyo ya 2010 ndi chitsanzo chabwino, ndipo anzathu a ku Zambia akulikumbukira. Masewero anatha motere: Gabon inapambana Cameroon 1-0, Zambia ndi Tunisia 1-1, Gabon ndi Tunisia 0-0, Cameroon inapambana Zambia 3-2, Zambia inapambana Gabon 2-1, Cameroon ndi Tunisia 2-2. Tunisia inalepherana katatu, mapointi 3, yatuluka osagonjako. Zambia, Cameroon ndi Gabon aliyense anapambana kamodzi, kulepherana kamodzi, kugonja kamodzi: mapointi 4 onse, malo odutsira ali awiri.

Yambani ndi kufufuta masewero onse a Tunisia. Atsala atatu: Gabon 1-0 Cameroon, Cameroon 3-2 Zambia, Zambia 2-1 Gabon. Perekani mapointi. Aliyense wapambana kamodzi n'kugonja kamodzi, ndiye 3, 3, 3. Palibe walekana. Pitani pa kusiyana kwa zigoli m'masewero atatu omwewo. Zambia yachinya 2 ndi 2, zonse 4, yachinyitsa 3 ndi 1, zonse 4, ndiye 0. Cameroon yachinya 3, yachinyitsa 3, ndiye 0. Gabon yachinya 2, yachinyitsa 2, ndiye 0. Akadali pamodzi. Tsopano zigoli zochinya mu katebuloko: Zambia 4, Cameroon 3, Gabon 2. Chipolopolo inakhala nambala wani, Cameroon yachiwiri, Gabon n'kutuluka.

Taonani zimene zachitika. Zambia ili pamwamba pa Cameroon imene inaigonjetsa. Cameroon yadutsa, Gabon imene inaigonjetsa yatsala. Munthu woyerekeza awiriawiri angalumbire kuti pachitika chinyengo, chonsecho lamulo latsatidwa ndendende. Ndiponso Gabon ikanagonja 3-2 m'malo mwa 2-1, ikanafanana ndi Cameroon pa zigoli 3 mu katebuloko, nkhani n'kusintha. Pa katebulo kotere kugonja mochinyana kumaposa kugonja mouma.

Zofanana ndi zimenezi zinaonekera Italy pa Euro 2004. Inafanana mapointi 5 ndi Sweden ndi Denmark, ndipo masewero a atatuwa onse anali olepherana: Denmark ndi Italy 0-0, Italy ndi Sweden 1-1. Aliyense ankadziwa masewero omaliza asanayambe kuti Sweden ndi Denmark akatha 2-2, zigoli za mu katebulo zikhala 3 kwa Sweden, 2 kwa Denmark, 1 kwa Italy, ndipo Italy ituluka ngakhale itaichita zotani Bulgaria. Anathadi 2-2.

Pali kamfundo kamodzi koyenera kukafufuza m'malamulo. Katebulo kakalekanitsa timu imodzi n'kusiya awiri akadali ofanana, mipikisano ya UEFA imayambiranso lamulo la kukumana okhaokha pa awiri otsalawo, kenako n'kupita ku zigoli za gulu lonse. Mipikisano ina imalumpha n'kupita ku zigoli za gulu lonse nthawi yomweyo. Njira ziwirizi zikhoza kudutsitsa matimu osiyana, choncho werengani ndime imeneyo mpaka kumapeto.

Chachisanu: zonse zikakanika

Pansi pa mndandanda pamakhala makadi, masewero apadera kapena maere. Pa World Cup ya 2018 Japan ndi Senegal anali ndi mapointi 4, zigoli zochinya 4, zochinyitsa 4, ndipo atakumana analepherana 2-2. Anawerenga makadi: lachikasu limachotsa 1, kutulutsidwa ndi achikasu awiri 3, lofiira lachindunji 4. Japan inali ndi achikasu 4, Senegal 6, Senegal n'kutuluka. Pa AFCON ya 2015 Guinea ndi Mali analepherana 1-1 masewero awo onse atatu, ndipo anachita maere. Anagwera Guinea. Mali ndi malamulo amenewa sakondana.

Misampha ya pa tebulo

Tebulo la pakati pa nyengo likhoza kunama. Ku Spain lamulo la kukumana okhaokha limagwira ntchito matimu akakumana kawiri konse. Chigawo choyamba chili mkati, matebulo ambiri amangosanja ndi kusiyana kwa zigoli, ndiye timu imene mukuiona pa nambala 4 mu Disembala mwina siili pamenepo pa malamulo a kumapeto. Mapulogalamu ena a pa foni amasanja mipikisano yonse ndi GD mpaka wina awakonze. Mungadziwe bwanji? Pezani matimu awiri ofanana mapointi amene anakumana kale. Ngati wogonja ali pamwamba pa mpikisano wa CAF, ndipo palibe timu yachitatu yofanana nawo, tebulolo lasanjidwa molakwika. Mukaona timu ya GD yoipa ili pamwamba pa ya GD yabwino, musafulumire kunena kuti alakwitsa, yang'anani kaye masewero awo.

Msampha wina ndi kuyerekeza matimu a magulu osiyana. Pa AFCON imene inaseweredwa ku Cameroon mu Januwale 2022, Flames inakumana ndi malamulo onse awiri m'sabata imodzi. M'Gulu B tinafanana ndi Guinea pa chilichonse: mapointi 4, zigoli zochinya 2, zochinyitsa 2. Guinea inatipambana 1-0 pamasewero oyamba, ndiye inatenga malo achiwiri, ife achitatu. Kenako anasanja matimu asanu ndi limodzi amene anathera pa nambala 3 m'magulu onse kuti anayi adutse. Pamenepo kukumana okhaokha kulibe tanthauzo, popeza matimuwo sanakumane. Amayang'ana mapointi, kenako kusiyana kwa zigoli, kenako zochinya. Mapointi 4 aja, a zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango pa Zimbabwe ndi 0-0 ya Senegal, anatikwanira, n'kukakumana ndi Morocco mu ndime ya matimu 16.

Kumbukiraninso kuti zigoli za mapenate olekanitsira masewero akatha sizilowa pa tebulo, pamene zigoli zopatsidwa pa tebulo timu ikapanda kubwera pabwalo zimalowa. Malamulo a FIFA amapereka 3-0, ligi zina zili ndi nambala yawoyawo.

Ngati ndinu mlembi wa ligi ya kwanu

Ndinakhalapo mlembi wa kaligi ka m'dera ka matimu 10, mphotho yake yunifomu ndi mipira iwiri. Pepala lathu la malamulo linali ndi zonse za ndalama yolembetsera ndi chindapusa cha kuchedwa, koma pa za mapointi ofanana linangoti "komiti idzaona". Matimu awiri anafanana pamwamba. Ina inali ndi zigoli zambiri chifukwa inathira 9-0 timu imene inabwera ndi osewera asanu ndi atatu, golo ali mwana wa sukulu. Inayo inali itapambana mnzakeyo kawiri konse. Komiti inakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, aliyense akutchula ligi ya ku Ulaya imene ikumukomera, ndipo onse ankanena zoona. Tinathera kuseweretsa masewero apadera amene mbali zonse zinabwera zitakwiya kale.

Nyengo yotsatira tinalemba mndandanda mpira usanagundidwe, makapiteni onse n'kusainira. Pa ligi ya m'dera, mmene matimu ena amafooka pakati pa nyengo ndipo 9-0 sasowa, ndimalangiza kuyamba ndi kukumana okhaokha: mapointi a m'masewero a matimu ofananawo, kusiyana kwa zigoli m'masewero omwewo, zigoli zochinya m'masewero omwewo, kenako kusiyana kwa zigoli za nyengo yonse, zochinya za nyengo yonse, pomaliza masewero apadera. Lembaninso kuti timu yosabwera igonja ndi zigoli zingati, ndiponso kuti timu ikasiya ligi panjira, zotsatira zake zifufutidwa zonse kapena zikhala. Mfundo yomalizayi imasuntha mapointi ndi zigoli za aliyense amene anasewera nayo kale.

Makadi musawaike pa mndandanda pokhapokha oyimbira anu amalemba lipoti masewero aliwonse. Ndipo m'kope mwanu musamangolemba tebulo. Lembani zotsatira za masewero aliwonse, tsiku ndi bwalo lake, makapiteni awiri asainire pomwepo asanavule nsapato. Sabata iliyonse wonkhetsani mzere wa zochinya wa matimu onse ndi mzere wa zochinyitsa: ayenera kufanana, ndipo mzere wa kusiyana kwa zigoli uyenera kuthera pa 0. Zikapanda kutero, pali chigoli chimene mwalembera timu imodzi n'kuiwala kuchilemba kwa inzake.